Kupeza Mtengo wa Kampani Kuchokera ku Ndalama Zomasuka

Mtengo wa kampani ndi ndalama zonse zimene kampaniyo ingapereke kwa eni mpamba wake m'zaka zonse zimene idzakhale ikugwira ntchito, ndalamazo zitabwezedwa pa mtengo wa lero. Ganizo limeneli analifotokoza mwadongosolo John Burr Williams m'buku lake la mu 1938, ngakhale kuti iye ankawerengera gawo la phindu limene eni masheya amalandira chaka ndi chaka. Akatswiri a masiku ano amakonda kuwerengera ndalama zomasuka, zimene m'masamu a zachuma zimalembedwa kuti FCF. Izi ndi ndalama zimene zimatsala m'kampani ikalipira zonse zoyendetsera ntchito, ikakhoma msonkho, ndiponso ikagula makina ndi katundu wofunika kuti ntchito ipitirire ndi kukula. Zimatchedwa zomasuka chifukwa eni masheya ndi obwereketsa ndalama akhoza kuzitenga zonse, ntchito ya kampani osasokonekera.

Ndalama zomasuka si phindu limene limalembedwa m'mabuku a akawuntanti. Katundu akagulitsidwa pa ngongole, mabuku amalemba phindu tsiku lomwelo, koma ndalama siinalowe. Makina akagulidwa, ndalama imatuluka yonse nthawi imodzi, koma mabuku amaigawa pang'onopang'ono m'zaka zambiri. Kampani ya masitolo ya W. T. Grant, ku America, inkalengeza phindu mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene ntchito zake zinkameza ndalama zambiri kuposa zimene zinkabweretsa, chifukwa cha katundu wodzadza m'masitolo ndi ngongole za makasitomala. Inagwa mu 1975. Amene ankayang'ana phindu lokha anadzidzimuka, koma kayendedwe ka ndalama kanali kataonetsa vutolo zaka zingapo m'mbuyomo.

Ndalama zomasuka za chaka chimodzi

Njirayi imamveka bwino ikatsatidwa pa kampani imodzi. Chitsanzo chake pano ndi kampani yongoyerekezera, yoyenga mafuta ophikira kuchokera ku soya ndi mpendadzuwa. Manambala ake asankhidwa kuti masamu ayende mosavuta, ndipo onse ndi mamiliyoni a madola a ku America.

M'chaka choyamba kampaniyi ikuyembekezeka kugulitsa mafuta a 100. Ikachotsa ndalama zogulira mbewu, malipiro a antchito, magetsi, mayendedwe ndi kutha kwa makina, kukutsala phindu la 20. Phindu limeneli limawerengedwa chiwongoladzanja cha ngongole chisanachotsedwe, chifukwa cholinga ndi kupeza zimene ntchitoyo payokha ikubala, posayang'ana kuti mpamba unachokera kwa eni kapena ku banki. Msonkho wa maperesenti 30 ukutenga 6, kutsala 14. Ili ndilo phindu la ntchito msonkho utachotsedwa, lolembedwa kuti NOPAT.

Pa 14 pamafunika kuwonjezera 5 za kutha kwa makina. Akawuntanti anazichotsa ngati zowonongedwa, koma palibe amene analipidwa ndalamazo. Kenako pamachotsedwa ndalama zenizeni zimene zinapita kukagula makina, magalimoto ndi kumanga nyumba zosungiramo katundu, zomwe ndi 9. Chotsiriza ndi mpamba woyendetsera ntchito. Fakitale ya mafuta imagula soya wambiri nthawi yokolola n'kumusunga miyezi yambiri, ndipo mashopu akuluakulu amatenga mafuta n'kulipira pakatha masiku 30 kapena 60. Malonda akamakula, ndalama zomangika m'nkhokwe ndi m'ngongole za makasitomala zimakulanso. Chimene chimachotsedwa si mpamba wonsewo, koma kuwonjezeka kwake m'chakacho, komwe pano ndi 3.

```
FCF = 14 + 5 - 9 - 3 = 7
```

Choncho pa phindu la 14, theka lokha ndilo lingatuluke m'kampani. Theka linalo labwerera m'ntchito kuti chaka chamawa mafuta oyengedwa achuluke. Nambala imeneyi, ya ndalama zobwezeredwa m'ntchito, ndi imene idzalamulire nkhani yonse ya mtengo wotsekera.

Ntchito yomweyi imachitidwa pa chaka chilichonse cha zaka zimene zingaoneke bwino kutsogolo, kawirikawiri zisanu mpaka khumi. Pa kampani ya mafutayi, phindu la ntchito likukwera motere m'zaka zisanu: 14, 16, 18, 19 ndi 20. Ndalama zomasuka zikukhala 7, 9, 12, 14 ndi 15. Zikukwera mofulumira kuposa phindu chifukwa kukula kukuchepa, ndiye ndalama zobwezeredwa m'ntchito zikutsika kuchoka pa 7 kufika pa 5.

Kubweza ndalama pa mtengo wa lero

Dola ya chaka chamawa ndi yochepa mphamvu kuyerekeza ndi dola ya lero, chifukwa ya lero ikhoza kuikidwa kwina n'kubereka, ndipo ya chaka chamawa ikhoza osabwera n'komwe. Mlingo wobwezera ndalama pa mtengo wa lero ndi phindu limene eni mpamba amafuna pa chaka kuti alole ndalama zawo kukhala m'kampani ya chiopsezo chotere. Popeza ndalama zomasuka ndi za magulu awiri, eni masheya ndi obwereketsa, mlingowo umaphatikiza zofuna za onse awiri, aliyense molingana ndi gawo lake. Umalembedwa kuti WACC.

Pa kampani ya mafutayi, magawo atatu mwa anayi a mpamba ndi a eni masheya, ndipo iwo akufuna maperesenti 14 pa chaka. Gawo lotsalalo ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha maperesenti 8.6. Chiwongoladzanja chimachepetsa msonkho umene kampani imakhoma, choncho mtengo weniweni wa ngongoleyi ndi pafupifupi maperesenti 6.

```
WACC = 0.75 x 14 + 0.25 x 6 = 12
```

Apa ndi pamene phindu la msonkho wochepa chifukwa cha ngongole limalowera. Wowerengera amene wachotsa chiwongoladzanja popeza ndalama zomasuka, n'kugwiritsanso ntchito mlingo umenewu, wawerengera ngongole kawiri.

Ndalama za chaka choyamba zimagawidwa ndi 1.12, za chaka chachiwiri ndi 1.12 kawiri, mpaka za chaka chachisanu ndi 1.12 kasanu, komwe ndi 1.762. Zikutuluka 6.3, 7.2, 8.5, 8.9 ndi 8.5, zonse pamodzi 39.4. Umenewu ndi mtengo wa lero wa zaka zisanu zoyambirira. Koma fakitale siitsekedwa chaka chachisanu chikatha.

Mtengo wotsekera

Zaka zonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo zimasonkhanitsidwa m'nambala imodzi, yotchedwa mtengo wotsekera, yolembedwa kuti TV. Ndi mtengo umene kampani idzakhale nawo pa tsiku lomaliza la chaka chachisanu. Njira yodziwika kwambiri yoipezera imatenga kuti ndalama zomasuka zidzakula ndi mlingo umodzi wosasintha mpaka kalekale. Masamu ake amadziwika ndi dzina la Myron Gordon, amene anawafalitsa pamodzi ndi Eli Shapiro mu 1956. Chilembo g chimaimira kukula kwa pa chaka.

```
TV = FCF6 / (WACC - g)
TV = 15 x 1.04 / (0.12 - 0.04) = 195
```

Pamwamba pamaikidwa ndalama za chaka chachisanu ndi chimodzi, osati za chachisanu, n'chifukwa chake 15 wachulukitsidwa ndi 1.04. Ndipo 195 ameneyu ndi mtengo wa kumapeto kwa chaka chachisanu, motero amagawidwa ndi 1.762, osati ndi nambala ya chaka chachisanu ndi chimodzi. Zolakwa ziwirizi n'zofala ndipo sizioneka msanga. Mtengo wotsekera pa mtengo wa lero ndi 110.6. Kuphatikiza ndi 39.4, ntchito yonse ya kampani ikukwana 150.

Mtengo wa 150 ndi wa eni mpamba onse. Kuti papezeke wa eni masheya okha, pamachotsedwa ngongole ya 40, n'kuwonjezera ndalama za 10 zimene zili ku banki koma sizikufunika pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kutsala 120. Ngati masheya alipo mamiliyoni 60, iliyonse ikukwana madola awiri.

Pa 150 yense, pafupifupi maperesenti 74 achokera ku mtengo wotsekera. Ena amaona zimenezi ngati umboni wakuti njirayi ndi yabodza, koma sizili choncho. Kampani yokhalitsa imabala ndalama zake zambiri m'zaka za kutali, ndipo aliyense wogula sheya amagula zaka zimenezo, afune asafune. Vuto lili poti nthawi yambiri ya wowerengera imathera pa zaka zisanu zoyambirira, pa mitengo ya soya ndi malipiro a antchito, pamene magawo atatu mwa anayi a yankho amachokera ku mzere umodzi wolembedwa mwachangu kumapeto.

Kusankha mlingo wa kukula

Mlingo wa kukula uli ndi malire. Kampani imene ingakule mofulumira kuposa chuma cha dziko mpaka kalekale tsiku lina ingapose dziko lenilenilo, zimene n'zosatheka. Choncho g sayenera kuposa kukula kwa chuma kwa nthawi yaitali, kuphatikizapo kukwera kwa mitengo ya zinthu, m'ndalama imene ikugwiritsidwa ntchito powerengera. Akatswiri ambiri amatenganso chiwongoladzanja cha ngongole zaboma za nthawi yaitali m'ndalama yomweyo ngati denga la g. Masamu enieniwo amakana g wofanana ndi WACC kapena womuposa, chifukwa yankho limakhala lopanda malire kapena lopanda tanthauzo. Ngozi imayamba g asanafike pamenepo, popeza kusiyana kwa ziwirizi kukamachepa, mtengo umakwera mothamanga.

Pa kampani ya mafutayi, g akakwezedwa kuchoka pa 4 kufika pa 6, china chilichonse osasintha, mtengo wotsekera umadumpha kuchoka pa 195 kufika pa 265. Kampani yonse imakwana pafupifupi 190, ndipo sheya imachoka pa madola 2.00 kufika pa 2.66. Mtengo wa sheya wakwera ndi gawo limodzi mwa atatu popanda botolo limodzi la mafuta logulitsidwa mowonjezera m'zaka zisanu zoyambirira.

Kukwera kumeneku n'kwachinyengo, ndipo chinyengo chake chili m'mawu akuti china chilichonse osasintha. Kukula kumagulidwa. Mlimi amene akufuna kukulitsa munda chaka chamawa amasunga mbewu yambiri pa zokolola za chaka chino, ndipo zakudya ndi zogulitsa zimachepa. Kampaninso siingayenge mafuta ochuluka popanda makina ena, nkhokwe zina ndi soya wina wosungidwa. Kukweza g n'kusiya ndalama zomasuka zili pomwepo kuli ngati kunena kuti kukula kowonjezerako kudzabwera kwaulere.

Mgwirizano wa zinthuzi uli ndi masamu ake. Kukula kumafanana ndi gawo la phindu lobwezeredwa m'ntchito kuchulukitsa ndi phindu limene mpamba watsopanowo umabala pa chaka. Phindu la mpamba watsopano limalembedwa kuti RONIC. Ndiye gawo loyenera kubwezeredwa limapezeka pogawa g ndi RONIC, ndipo mtengo wotsekera umalembedwa bwino motere:

```
TV = NOPAT6 x (1 - g / RONIC) / (WACC - g)
```

Masamu awa amaulula zimene zinabisika m'yankho loyamba lija. M'chaka chachisanu kampani inabwezera 5 pa phindu la 20, kapena kuti gawo limodzi mwa anayi. Kuti gawo limeneli libweretse kukula kwa maperesenti 4, mpamba watsopano uyenera kubala maperesenti 16 chaka chilichonse. Ndiye kuti 195 uja ankanena mwakachetechete kuti dola iliyonse yatsopano idzabala maperesenti 16, pamene eni mpamba akufuna 12, ndipo zidzatero mpaka kalekale. Kukweza g kufika pa 6 popanda kusintha gawo lobwezeredwa kunali kunena kuti mpamba watsopano udzabala maperesenti 24. Ngati udzabalabe 16, kukula kwa 6 kukufuna kuti maperesenti 37.5 a phindu abwezeredwe, ndipo mtengo wotsekera umakhala pafupifupi 221, osati 265.

Funso lenileni tsopano si la g, koma lakuti kampaniyi ili ndi chiyani choiteteza kwa opikisana nayo. Makina oyengera mafuta amagulidwa ndi aliyense amene ali ndi ndalama, soya amagulidwa pa misika yomweyo, ndipo wogula mafuta amasintha mtundu mtengo ukasiyana pang'ono. Phindu la maperesenti 16 pa malonda otere limaitana mafakitale ena, ndipo iwo akabwera mitengo imatsika. Kampani yokhala ndi dzina limene ogula salisiya, kapena chilolezo chimene ena sangachipeze, ikhoza kusunga phindu lokwera kwa nthawi yaitali. Fakitale wamba ya mafuta siingatero. N'chifukwa chake owerengera osamala amatenga kuti m'kupita kwa nthawi phindu la mpamba watsopano lidzatsikira pa mtengo wa mpambawo. Zikatero g amasowa m'masamu:

```
TV = NOPAT6 / WACC = 20.8 / 0.12 = 173.3
```

Izi sizikutanthauza kuti kampani yasiya kukula. Ikukula ndithu, koma dola iliyonse yobwezeredwa ikubala ndendende zimene eni mpamba akanapeza kwina, ndiye kukulako sikuwonjezera mtengo. Ndi 173.3, kampani yonse ikukwana pafupifupi 138 ndipo sheya ndi madola 1.80. Pamene mpamba watsopano ukubala zochepera mtengo wake, kukula kumachepetsa mtengo wa kampani, ndipo kukula kwambiri kumauchepetsa kwambiri. Makampani otere alipo, ndipo nthawi zambiri malipoti awo a pachaka amanyadira kukwera kwa malonda.

Chaka chomangirapo

Mtengo wotsekera umamangidwa pa chaka chomaliza, choncho chilema chilichonse cha chaka chimenecho chimabwerezedwa mpaka kalekale. Chaka chomaliza chiyenera kukhala chaka wamba. Ngati chinagwa pa nthawi imene soya anali wotchipa ndipo mafuta anali okwera mtengo, phindu lake liyenera kutsitsidwa kufika pa la zaka zabwino ndi zoipa pamodzi. Ngati kampani ikukulabe ndi maperesenti 15 m'chaka chachisanu, kuitsitsa mwadzidzidzi kufika pa 4 n'kulakwa, ndipo chofunika ndi kuwonjezera zaka zowerengera mpaka kukulako kutsike pang'onopang'ono.

Chizindikiro chosavuta kuona ndi kuyerekeza ndalama zogulira makina ndi kutha kwa makina. Kampani ikangomaliza kumanga fakitale yaikulu, imatha zaka zingapo ikugula makina ochepa, pamene mabuku akulemba kutha kwa makina kwakukulu. Chaka chotere chikatengedwa ngati maziko, masamu amakhala akunena kuti makina azitha chaka ndi chaka osalowedwa m'malo, koma mafuta oyengedwa azichulukabe. Pa kampani imene ikukula, ndalama zogulira makina m'chaka chomangirapo ziyenera kuposa kutha kwa makina, ndipo mpamba woyendetsera ntchito uyenera kuwonjezeka limodzi ndi malonda.

Njira yoyerekeza ndi makampani ena

Njira yachiwiri yopezera mtengo wotsekera imatenga kuti kampani idzagulitsidwa kumapeto kwa chaka chachisanu pa mtengo wofanana ndi umene makampani onga iyo amagulitsidwira. Mtengowo umanenedwa mochulukitsa phindu lowerengedwa chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa makina zisanachotsedwe, lolembedwa kuti EBITDA. Mabanki othandiza pogula ndi kugulitsa makampani amaikonda njirayi chifukwa imaoneka kuti yachokera ku msika. Kufooka kwake n'kwakuti mitengo ya msika wa lero ikuikidwa pa kampani ya zaka zisanu kutsogolo, imene panthawiyo idzakhala yokhwima ndi yokula pang'onopang'ono. Msika ukakhala utakwera mopitirira muyeso, kukwerako kumalowa m'masamu osaonekera.

Njira ziwirizi zimayesana. Pa kampani ya mafutayi, phindu la mtundu umenewu m'chaka chachisanu ndi pafupifupi 35.6, ndiye 195 ndi kuchulukitsa ka 5.5. Wina akanena kuti makampani otere amagulidwa pa kuchulukitsa ka 8, mtengo wotsekera ukhala 285, ndipo kukula kobisika m'nambalayo kumapezeka motere:

```
g = (TV x WACC - FCF5) / (TV + FCF5)
g = (285 x 0.12 - 15) / (285 + 15) = 0.064
```

Kukula kwa maperesenti 6.4 m'madola mpaka kalekale n'kovuta kukuteteza pa fakitale ya mafuta. Nambala ya 8 ikhoza kukhala yoona pa makampani amene inatengedwako, koma siikugwirizana ndi kampani iyi pa chaka chimenecho.

Ndalama ya dziko ndi malire a njirayi

Ndalama zomasuka, WACC ndi g ziyenera kukhala za ndalama ya dziko limodzi. Lamuloli limasweka kawirikawiri kumene mitengo imakwera mofulumira. Kampani ikawerengedwa m'makwacha, malonda ake amakula ndi kukwera kwa mitengo, ndipo manambala otupawo akabwezedwa ndi mlingo wa madola, mtengo umatuluka wokwera mopanda nzeru. Mwachitsanzo, ngati mitengo ikuyembekezeka kukwera ndi maperesenti 20 m'kwacha ndi 2 m'dola, mlingo wa 12 m'madola umakhala 1.12 kuchulukitsa ndi 1.20 kugawa ndi 1.02, komwe ndi pafupifupi maperesenti 32 m'kwacha. Kutembenuza makwacha a zaka zonse kukhala madola pa mtengo wa lero wosinthira ndalama kulinso ndi chilema chomwecho, monga anaonera aliyense amene anawerengera motero kwacha ya Malawi isanatsitsidwe ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Kukwera kwa mitengo kumamezanso ndalama zomasuka, chifukwa matani omwewo a soya amafuna makwacha ambiri chaka chilichonse, ndipo makina otha amalowedwa m'malo pa mitengo yatsopano pamene mabuku akuwerengera kutha kwake pa mitengo yakale.

Njirayi siigwira pa kampani iliyonse. Kwa banki, ngongole si njira yopezera mpamba chabe, koma ndi katundu wa malonda ake, ndiye kulekanitsa ntchito ndi ngongole sikutheka. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi, amene ndi gawo lalikulu la msika wa masheya wa ku Blantyre, amawerengedwa poyang'ana ndalama zopita kwa eni masheya okha. Mgodi nawo uli ndi mapeto, choncho umawerengedwa chaka ndi chaka mpaka miyala itatha, ndipo mtengo wake wotsekera ukhoza kukhala wochotsera chifukwa cha ndalama zokonzera malowo.

Ngakhale pa kampani imene njirayi ikuyenera, yankho silimaperekedwa ngati nambala imodzi. WACC akakwera kuchoka pa 12 kufika pa 13, kampani ya mafuta ija imatsika kuchoka pa 150 kufika pa 132, ndipo palibe katswiri amene angatsimikize mtengo wa mpamba mosaphonya ndi peresenti imodzi. Lipoti labwino limakhala ndi tebulo loonetsa mtengo pa milingo ingapo ya WACC ndi g, ndipo pambali pake limalemba gawo la mtengo lochokera ku mtengo wotsekera, phindu la mpamba watsopano limene manambalawo akufuna, ndi kuchulukitsa kwa EBITDA kumene kukutuluka. Pa kampani ya mafutayi, manambala atatuwo ndi maperesenti 74, maperesenti 16 ndi 5.5, ndipo wachiwiriyo ndi amene wogula ayenera kufunsa umboni wake asanavomere madola awiri pa sheya m'malo mwa 1.80.